Mmene mungadziwire nsomba yaiwisi yomwe yakhalitsa padzuwa popanda ayezi

Nsomba zambiri zaziwisi zimene timagula pa Chitakale, pa Luchenza, pa Limbuli kapena pa Bvumbwe zimakhala zayenda ulendo wautali zisanafike pa benchi. Zina zimachokera ku Chilwa kudzera ku Phalombe, zina ku Mangochi kudzera ku Limbe, zina zimakwera mtunda kuchokera ku chigwa cha Shire. Zochokera pafupi kawirikawiri zimakhala za m'maiwe a alimi. Zikafika pamsika, ambiri ogulitsa alibe ayezi. Ali ndi beseni, thumba lonyowa lofundikira pamwamba ndi kabotolo ka madzi owazira. Madziwo amawalitsa khungu, nsomba n'kumaoneka ngati yangovuulidwa kumene, koma m'kati mwake nthawi imakhala ikuwerengabe. N'chifukwa chake poyesa nsomba musakhulupirire khungu. Zoona zake zili m'makha, pamimba ndi m'mnofu wa pamsana.

Yambani ndi kuwerenga maola

Musanagwire nsomba, funsani kumene yachokera ndi mmene yagwidwira. Funso loti "ndi zalero?" silithandiza, chifukwa yankho lake limadziwika kale. Funsani kuti, "Mayi, izi ndi za ku Chilwa kapena za padamu? Mwafika nazo nthawi yanji?" Wogulitsa amayankha mosavuta funso lotere, ndipo inu mumapeza poyambira kuwerenga.

Titenge makumba a ku Chilwa ogwidwa ndi matchera. Asodzi amatchera madzulo n'kukawonjola mbandakucha. Nsomba imene inakodwa kumayambiriro kwa usiku imatha kufera mu ukonde momwemo, n'kukhala maola angapo m'madzi ofunda isanakwere m'bwato. Ikafika padoko ngati la Swang'oma pali kutsatsana mitengo, kenako kupakira pa njinga kapena panjinga yamoto. Pofika pamsika dzuwa lili pamutu, ndipo inu mukubwera cha m'ma 2 koloko masana. Nsomba imene inali yamoyo powonjola yatha maola 8 kapena 9 chifereni. Inzake imene inafera mu ukonde yadutsa maola 12. Zonse zili mu beseni limodzi, ndipo wogulitsa sananame ponena kuti ndi zalero.

Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Amayesa nsomba imodzi, aipeza ili bwino, n'kuuza wogulitsa kuti awonjezere zina ziwiri osaziyang'ana. Nsomba iliyonse ili ndi nthawi yakeyake imene inafera, choncho iliyonse iyesedwe payokha.

Kutentha ndiko kumathamangitsa zonse. Tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala pakhungu, m'makha ndi m'matumbo a nsomba timaswana mofulumira kwambiri pa kutentha kwa madigiri 25 mpaka 35, komwe ndi kutentha kwa tsiku wamba la Okutobala kapena Novembala. Chambo kapena makumba osungidwa bwino mu ayezi amatha kukhala masiku oposa 10 ali abwino, koma pa kutentha kotere satha tsiku lathunthu. M'mwezi wa Juni, chiperoni chikakuta ku Thyolo, nsomba imapirirako pang'ono. Musatengere zimene munaona nthawi yozizira n'kumaziyembekezera m'chilimwe.

Tsegulani makha

Ichi ndicho chiyeso chachikulu, ndipo ngati muli ndi mpata wochita chimodzi chokha, chitani ichi. Pemphani kaye: "Ndione nawo makha, mayi." Ikani chala chachikulu pansi pa chivindikiro cholimba chija cha m'mbali mwa mutu, mutukule kuti muone m'kati bwinobwino, pamalo owala.

Makha a nsomba yabwino amakhala ofiira ngati magazi atsopano, onyowa, ndipo timizere take timaoneka patokhapatokha. Nthawi ikamapita amayamba kufiira moderako, kenako amatuwa n'kusanduka a bulauni. Akafika potuwiratu kapena kubiriwira, nsombayo yapita. Yang'ananinso zonanda zimene zili pamenepo. Zikakhala zochepa ndi zoonekera ngati madzi, palibe vuto. Zikakhala zokhuthala, zachikasu kapena zotuwa, ndipo timizere ta makha tamatirirana n'kukhala chinthu chimodzi, tizilombo tachuluka kale.

Mukatero nunkhizani pomwepo, mphuno pafupi ndi makha. Musachite manyazi, ndalama ndi yanu ndipo odya ndi ana anu. Makha ndiwo amayamba kununkha thupi lonse lisanayambe, chifukwa muli magazi ambiri ndi chinyezi, ndiponso madzi owaza aja safikamo kwenikweni. Nsomba yabwino imamveka fungo la madzi a m'nyanja, la ndere kapena la matope pang'ono. Makumba a m'maiwe ndi a ku Chilwa amamveka matope kawirikawiri, ndipo fungo limenelo si kuvunda, ndi la madzi amene anakuliramo. Fungo loyenera kukuimitsani ndi lowawasa, lolasa m'mphuno ngati mkodzo, kapena la dzira lowola. Fungo lowawasa ndilo limayamba, enawo amabwera pambuyo.

Tsegulani mbali zonse ziwiri. Mbali imene yagonera pansi, m'madzi a mu beseni, imawonongeka msanga kuposa ya pamwamba. Mukapeza nsomba yathunthu yosatumbula koma makha okha atachotsedwa, dzifunseni chifukwa chake. Kuchotsa makha ndi matumbo nsomba itangogwidwa ndi chinthu chabwino chimene chimaisunga. Kuchotsa makha okha masana pamsika nthawi zambiri kumakhala kuchotsa umboni. Zikatero nunkhizani bowo lotsalalo, ndipo muumirire kwambiri pa ziyeso zotsatirazi.

Dinani mnofu, nyamulani nsomba

Dinani ndi chala pamsana, pamene pali mnofu wochindikala, m'munsi pang'ono mwa chipsepse cha pamwamba. Dinani mwamphamvu ndithu kenako chotsani chala. Mnofu wabwino umabwerera pomwepo. Ukabwerera mwaulesi, nsomba yatopa koma mwina ikadali yodyeka. Dzenje likatsala, isiyeni.

Kenako igwireni kumutu, muigoneke m'malere ngati mukuipereka kwa munthu. Pano pali chinthu chimene chimasokoneza anthu ambiri, choncho tichifotokoze bwino. Nsomba ikangofa imakhala yofewa. Pakapita kanthawi imauma gwa, osapindika. Pambuyo pake imafewanso, ndipo kufewa kwachiwiriku ndi kumene kumatsegula njira ya kuvunda. Kukatentha, magawo onsewa amadutsa mofulumira. Ndiye mukapeza nsomba youma gwa, mchira uli chilili, ndipo siinachoke mu fuliji, dziwani kuti siinakhalitse. Imeneyo tengani. Koma yofewa ili pawiri. Ikhoza kukhala ya padamu la pafupi imene yafa posachedwa, kapena ya dzulo. Chosiyanitsa ndi makha ndi chala chanu: yongofa kumene imapindika koma mnofu wake ndi wolimba ndipo makha ali psuu, pamene yakale imalendewera mchira pansi ndipo chala chimasiya dzenje.

Pitirizani chala pa mamba mobwerera kumutu. Olimba, okana kuchoka, ndi abwino. Akamasosoka okha n'kumatirira ku dzanja, khungu layamba kufooka. Koma kumbukirani kuti ukonde umasupula mamba mozungulira khosi, ndipo dzuwa limaumitsa khungu ngakhale la nsomba yabwino. Khungu louma palokha si mlandu. Lonanda mokhuthala, loterera ngati thelele ndiponso lonunkha, limenelo ndiye vuto.

Mimba ndi maso

Tembenuzani nsomba muone kumimba. Matumbo ndiwo amayamba kuwola, chifukwa madzi ogaya chakudya amene ali m'menemo saleka ntchito nsomba ikafa. Amayamba kugaya nsomba yomweyo kuchokera m'kati, ndipo zimafulumira kwambiri ngati inafa itakhuta. Mimba yabwino ndi yolimba, yoyera, yosatupa. Finyani pang'ono ndi zala ziwiri. Ikakhala yofewa ngati mulibe kanthu, yotupa ndi mpweya, yobiriwira kapena yoyamba kung'ambika, musagule. Onaninso kabowo kotulukira chimbudzi kufupi ndi mchira. Pa nsomba yabwino kamakhala kotseka. Kakatuzuka n'kumatulutsa madzi abulauni mukangofinya pang'ono, m'katimo mwasungunuka.

Maso ndawaika kumapeto dala, ngakhale anthu ambiri amayambira pamenepo. Diso labwino ndi lotukuka, loonekera, kamwanadiso kakuda bii. Lakale limalowa m'kati n'kuchita chifunga. Vuto ndi loti dzuwa ndi mphepo zimaumitsa diso la mbali ya pamwamba m'maola ochepa, nsomba ikadali yabwino, ndipo kuwaza madzi kumaliwalitsanso kwa kanthawi. Choncho onani diso la mbali yogonera pansi, ndipo mawu a diso asapose mawu a makha.

Makumba atatu pa benchi limodzi

Tiyerekeze kuti muli pa Luchenza tsiku la msika, m'mwezi wa Novembala, nthawi ili cha m'ma 2 koloko. Mayi wogulitsa wayala makumba m'milu ya atatuatatu, akuti ndi a ku Chilwa, wafika nawo cha m'ma 11. Ambiri akunyezimira chifukwa wangowaza madzi.

Woyamba ali pamwamba pa mulu. Khungu lauma mbali imodzi, diso la pamwamba lachita kachifunga. Koma mukatukula chivindikiro, makha ndi ofiira, fungo ndi la matope chabe. Mukamunyamula ndi wouma, mchira sukugwa. Mimba ndi yolimba. Ameneyu ndi wabwino ngakhale sakuoneka mokopa, ndipo mwina anali wamoyo pamene ukonde unkawonjoledwa.

Wachiwiri akupindika. Makha afiira moderako, m'mphepete mwayamba bulauni, zonanda zilipo koma sizinakhuthale. Fungo silikulasa, kungoti la matope lija lazimiririka ndipo simukumva kanthu kwenikweni. Chala chikusiya kadzenje kamene kakudzaza pang'onopang'ono. Mimba siinatupe. Ameneyu ali pamalire. Ngati kwanu ndi pafupi ndipo mukukamuika pamoto mukangofika, mutha kumutenga. Ngati mukudikira minibasi yopita ku Thekerani, kapena mukufuna ndiwo za mawa, musiyeni, chifukwa maola atatu ena mu jumbo amukwanira kuti avunde.

Wachitatu ndi wamkulu kuposa onse, ndiye amene akukometsa mulu. Anali pansi, ndi wonyowa bwino, akuwala. Koma makha ndi otuwa, omatirirana, ndipo fungo lowawasa likukupezani musanafikitse mphuno. Mukafinya mimba, kabowo kaja kakutulutsa madzi. Pansi pa khosi pali mzere wozama wa ukonde. Zikuoneka kuti anafera m'madzi usiku.

Apa musakangane ndi wogulitsa, ndipo musakweze mawu kuti msika wonse umve. Nenani mwaulemu kuti, "Mayi, uyu watopa, tandisinthireni ndi uyo." Ambiri amasintha, chifukwa akufuna mudzabwerenso. Akakana n'kunena kuti mulu suphwasulidwa, gulani kwina. Ndipo chenjerani ndi basera la madzulo. Nsomba yowonjezera imene mwapatsidwa ulere iyesedwe ngati zinzake, chifukwa kawirikawiri ndi imene wogulitsa akuona kuti sifika mawa. Mukaiika mu jumbo limodzi ndi zabwino, madzi ake amapatsira fungo zonse.

Ngati wogulitsa ali ndi mpeni, mpempheni atumbule pomwepo inu mukuona, mutagwirizana kale kuti ikapezeka yoipa asintha. M'kati mwa mimba ya chambo ndi makumba muli kachikopa kakuda. Kameneko ndi kachibadwa, musadabwe nako. Pa nsomba yabwino kamamatirira, ndipo matumbo amatuluka athunthu, mukutha kusiyanitsa chiwindi, ndulu ndi matumbo enieniwo. Zobiriwira za m'matumbo ndi ndere zimene inadya. Pa nsomba yovunda zonse zimatuluka ngati phala, kachikopa kaja kamachoka mukangokhudza, minga ya m'nthiti imatuluka yokha mu mnofu, ndipo mnofu wotsatira fupa la msana umakhala utafiirira chifukwa magazi alowerera.

Mlamba, usipa ndi kalapau zili ndi malamulo ake

Mlamba ulibe mamba ndipo maso ake ndi aang'ono, choncho ziyeso ziwirizo sizigwira. Koma uli ndi mwayi wake: umatha kupuma mpweya wa kunja, ndipo ukasungidwa ponyowa umakhala wamoyo maola ambiri. Mlamba wabwino koposa ndi umene ukugwedezeka mukaukhudza. Ukakhala wakufa, onani makha monga mwa nthawi zonse, dinani mnofu wa kumbuyo kwa mutu, ndipo yang'anani khungu. Lakuda monyezimira ndi loterera moonekera ndi labwino. Lotuwa, la mawangamawanga oyera, zonanda zitachita zoyera ngati mkaka, ndi la mlamba wakale. Nsomba iliyonse ya zilonda zofiira zozama pathupi musagule. Matenda a zilonda za nsomba anapezeka kuno ku Malawi mu 2020, kuyambira ku Mchinji, ndipo nsomba yotere imakhala italowedwa kale ndi tizilombo tina.

Usipa ndi matemba aawisi simungatsegule makha amodziamodzi. Tapani dzanja limodzi kuchokera pansi pa beseni, osati pamwamba. Tinsomba tabwino timakhala tolimba, tonyezimira, tosiyana tokhatokha. Chizindikiro chachikulu ndi mimba: mukaona tambiri taphulika mimba, mitu ikuthothoka, ndipo m'dzanja mwatsala zonanda zotuwa, beseni lonselo lapita. Nsomba zazing'ono zimavunda msanga kuposa zazikulu, ndiye usipa wauwisi wochokera kutali wopanda ayezi, masana a chilimwe, ine sindiugula. Bola wofutsa kapena wouma.

Kalapau, amene amapezeka kwambiri m'misika ya kufupi ndi malire monga Limbuli ndi Muloza, ndi nsomba ya m'nyanja yamchere imene imabwera itaumitsidwa mu fuliji. Kuzizira kumachititsa maso chifunga ndi kutuwitsa makha, choncho pa iyeyu mtundu wa makha sunena zambiri. Gulani amene akadali wolimba ndi wozizira m'dzanja. Amene wasungunuka n'kufunda, ali m'madzi ofiirira, mimba yafewa, musiyeni. Chifukwa chake ndi chachikulu: nsomba zina za m'nyanja yamchere, makamaka za mnofu woderako, zikakhala pofunda zimapanga poizoni wotchedwa hisitamini, amene satha ndi moto ndipo nthawi zina samveka fungo. Munthu akadya amamva kuyabwa kapena kulasa m'kamwa ngati tsabola, nkhope imafiira ndi kutentha, mutu umapweteka, thupi limachita zidzolo, ndipo izi zimayamba pasanathe ola limodzi kapena awiri. Mukamva kulasa kotere pa nthongo yoyamba pamene simunathire tsabola, lekani kudya. Wina akayamba kubanika kapena kutupa milomo, thamangirani naye kuchipatala.

Za ntchentche ndinenepo pang'ono. Ntchentche zochepa pamsika wa nsomba si zachilendo, ndipo sizitanthauza kuti nsomba yavunda. Koma yang'anani m'makha ndi m'kamwa ngati muli timazira toyera tounjikana, chifukwa m'nyengo yotentha timaswa mphutsi pasanathe tsiku. Benchi limene ntchentche sizikuterapo pamene oyandikana nawo akuzikupiza, nunkhizani bwino. Mukamva fungo la mankhwala ophera tizilombo kapena la palafini, chokanipo.

Mukagula, nthawi ikadali kuwerenga

Gulani nsomba pomaliza, zina zonse mutagula kale. Musaimange mu jumbo lakuda n'kuliika padzuwa kapena pamiyendo mu minibasi, chifukwa m'menemo imafunda ndi kuchita thukuta. Ikulungeni m'masamba a nthochi kapena m'kansalu konyowa koyera, muike mu basiketi momwe mphepo ikupita. Ngati pafupi pali ogulitsa madzi oundana a m'mapepala, gulani awiri muwagoneke pamimba pa nsombayo. Kuipachika kunja kwa galimoto kumachotsa fungo m'kati, koma kumaipatsa dzuwa ndi fumbi.

Mukafika kunyumba musayambe ndi kupuma. Palani mamba, tumbulani, chotsani makha onse, ndipo kandani ndi chala magazi akuda amene ali m'munsi mwa fupa la msana mpaka atachoka. Samalani ndulu isaphulike, chifukwa imawawitsa mnofu. Tsukani ndi madzi a pa mpope kapena pa mjigo, m'kati ndi kunja. Simukudziwa kumene kunachokera madzi amene ankawazidwa pamsika, ndipo m'nyengo ya kolera zimenezi si zazing'ono. Mpeni, mbale ndi manja zitsukidwe ndi sopo musanagwire tomato kapena china chilichonse chodyedwa chachiwisi.

Mukatsuka, nunkhizaninso, tsopano mnofu weniweniwo. Chekani pafupi ndi fupa la msana. Nthawi zambiri fungo loipa limakhala la matumbo ndi makha okha, ndipo likachoka ndi madzi, mnofu uli wolimba, nsombayo ndi yodyeka. Likatsalira mu mnofu mutatsuka kawiri, itayeni, ndipo muikwirire kuti agalu ndi nkhuku zisafukule. Ndimu, tsabola ndi mafuta ambiri zimabisa fungo koma sizibweza nsomba yovunda. Moto umapha tizilombo, koma zina mwa zoipa zimene tasiya mu mnofu zimatsala. Kuiwamba kapena kuithira mchere kumasunga nsomba yabwino, sikukonza yowola.

Yabwinoyo iphikeni tsiku lomwelo mpaka mnofu wa pafupi ndi fupa utayera ndi kulekana nalo mosavuta, popanda pofiira. Ngati ndi ya mawa ndipo mulibe fuliji, ing'ambeni pamsana kuti itambasuke, ithireni mchere mbali zonse, muiwambe pa waya pamwamba pa makala a moto wofatsa mpaka itauma madzi. Mawa lake muitenthetsenso bwino musanadye. Nsomba ya pamalire ija, yonga kumba wachiwiri wa pa Luchenza, isagone: idyedwe madzulo omwewo, ndipo mwana wamng'ono, mayi woyembekezera kapena wodwala apatsidwe ya makha ofiira ija.